Kutentha, ntchito ndi mphamvu ya m'kati: n'chifukwa chiyani akuti kutentha sikusungidwa?

Nkhani zokhudza kusintha kwa nyengo zimakonda kunena kuti nyanja zikuluzikulu za padziko lapansi "zasunga kutentha" kochuluka kuposa kale. Wogulitsa fulasiki naye amakutsimikizirani kuti yakeyo imasunga kutentha usiku wonse. Koma wophunzira akalemba pa mayeso a fizikisi kuti "m'madzi owira muli kutentha kochuluka", mphunzitsi wosamala amakhwatcha chiganizocho ndi cholembera chofiira. Ndiye wolakwa ndani?

Chimene chimasokoneza n'chakuti pali zinthu zitatu zimene zimayezedwa ndi muyeso umodzi, pomwe mtundu wake ndi wosiyana. Zinthuzi ndi mphamvu ya m'kati, ntchito ndi kutentha. Zonse zimawerengedwa m'majulu, chizindikiro chake J. Julu imodzi ndi yaing'ono ndithu: ndi mphamvu imene mumagwiritsa ntchito ponyamula chinthu cholemera magalamu 100 n'kuchikweza pafupifupi mita imodzi. Majulu 1,000 amapanga kilojulu imodzi, kJ. Mwa zitatuzi, chimodzi chokha ndicho chimakhala m'chinthu. Ziwiri zinazo ndi njira zimene mphamvu imadutsira pochoka m'chinthu china kulowa m'chinzake.

Tigwirizane kaye pa mfundo imodzi kuti tisatayane m'njira. Nambala imene mumawerenga pa chipangizo choyezera thupi kuchipatala, ya madigiri ija, m'nkhani ino tiziitcha temperecha. Tikamati kutentha tizitanthauza mphamvu yowerengedwa m'majulu imene ikusamuka chifukwa chakuti temperecha ya zinthu ziwiri yasiyana.

Mphamvu ya m'kati

Madzi ali m'kapu patebulo amaoneka odekha, koma mamolekyulu ake, tizidutswa ting'onoting'ono timene timapanga madziwo, sakhala chete. Amathamanga, amazungulira, amanjenjemera, ndipo amakokana ndi kukankhana ndi anzawo oyandikana nawo. Mamolekyulu a mpweya umene mukupumawu akuthamanga pafupifupi mamita 500 pa sekondi, kungoti aliyense akulowera kwake ndipo akuwombana kosalekeza. Mukaphatikiza mphamvu yonse ya kuyendaku ndi mphamvu ya kukokana kwa mamolekyuluwo, mwapeza mphamvu ya m'kati. Chizindikiro chake ndi U. Liwiro la kapu yonse siliwerengedwa: mukakwera nayo minibasi yothamanga, U ya madziwo imakhala yomweyo.

Chofunika kwambiri pa U n'chakuti imadalira mmene chinthu chilili panopa basi. Kilogalamu imodzi ya madzi pa madigiri 60, ili pa puresha ya mpweya wamba, ili ndi U imodzimodzi kaya madziwo anafunditsidwa pa mbaula, kaya anali owira n'kuzizira, kaya anatakasidwa ndi makina mpaka kufunda. Madzi sakumbukira mbiri yawo. Rudolf Clausius wa ku Germany ndiye anaika lingaliroli m'masamu mu 1850, ndipo chilembo U chimene tikulembabe lero ndi chake.

Anthu ambiri amaganiza kuti U ndi temperecha ndi chinthu chimodzi. Ayi. Ndowa ya madzi ofunda ndi kapu yotungidwa m'ndowa yomweyo zili pa temperecha yofanana, koma ndowa ili ndi U yochuluka chifukwa mamolekyulu ake ndi ambiri. Umboni wina wamphamvu anaupeza Joseph Black ku Glasgow cha m'ma 1760. Iye anaona kuti ayezi akamasungunuka amalandira mphamvu yambiri, koma temperecha yake siisuntha mpaka yense atasanduka madzi. Lero tikudziwa kuti kilogalamu imodzi ya ayezi imafuna makilojulu 334 kuti isungunuke, ndipo nthawi yonseyi imakhala pa madigiri 0. Makilojulu 334 omwewo mukawapereka ku madzi osungunukawo, amawakweza kuchoka pa 0 kufika pa madigiri 80. Posungunuka paja mphamvu inapita kukamasula mamolekyulu amene anali ogwirana, osati kukawathamangitsa. U inakwera, temperecha osakwera.

Pa ntchito za tsiku ndi tsiku palibe amene amafuna kudziwa U yonse ya chinthu. Chimene chimayezedwa ndi kusintha kwake, ΔU, kutanthauza U yomaliza kuchotsapo U yoyamba.

Ntchito

Mu fizikisi, ntchito yagwiridwa ngati chinthu chakankhidwa kapena kukokedwa n'kusuntha mtunda wina. Kukankha khoma losasuntha kumatopetsa, koma pa khomalo palibe ntchito imene yagwiridwa. Tanthauzoli linachokera kwa akatswiri a makina a ku France, makamaka Gaspard Coriolis amene analilemba momveka mu 1829, pamene ankafuna njira yoyerekezera zimene makina osiyanasiyana angathe kuchita.

Kwa mpweya wotsekeredwa mu silinda yokhala ndi pisitoni, chotsekera choyenda m'kati mwake monga cha m'pampu ya njinga, kawerengedwe kake ndi kosavuta ngati puresha siikusintha:

```
W = P × ΔV
```

P ndi puresha, ndipo ΔV ndi kusintha kwa malo amene mpweya ukutenga. Mpweya ukafutukuka n'kukankha pisitoni, wagwira ntchito ndipo wataya mphamvu. Pisitoni ikaupanikiza, mpweyawo walandira mphamvu.

Aliyense amene anapopapo tayala la njinga mwachangu akudziwa kuti kumunsi kwa pampu, kufupi ndi kumene kumatulukira mpweya, kumafunda. Palibe moto pamenepo, ndipo pampu siinayambe yagundana ndi chinthu chotentha. Kukhulana kwa chikopa cha pisitoni ndi khoma la pampu kumawonjezako, koma gwero lalikulu ndi mpweya wopanikizidwawo. Molekyulu ikawombana ndi pisitoni imene ikubwera chakutsogolo, imabwerera ndi liwiro loposa limene inabwera nalo, ndipo zikachitika kwa mamolekyulu osawerengeka, U imakwera. Injini ya dizilo, monga ija ya pachigayo, imadalira zomwezi. Imapanikiza mpweya mpaka utenge malo ochepa kwambiri, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo 15 mpaka 20 a poyamba, ndipo mpweyawo umapitirira madigiri 500. Dizilo akangopoperedwamo amayaka yekha popanda pulagi yothetheka. Mpweya uja wafika pa madigiri 500 ndi ntchito, osati ndi kutentha. Kunena zoona, panthawi yopanikizayo kutentha pang'ono kumakhala kukutuluka, kupita ku chitsulo cha silinda.

Tsopano taonani chinthu ichi. Palibe munthu amene amanena kuti "m'tayala muli ntchito yochuluka". Tonse timamva kuti ntchito ndi chochitika: inagwiridwa nthawi yopopa, ndipo kupopa kutatha, chimene chatsala m'tayala ndi mpweya wokhala ndi mphamvu yake. Mfundo yonse ya nkhani ino ndi yakuti kutentha nakonso kuli m'gulu lomweli.

Kutentha, ndi mmene anthu anasiyira kukhulupirira kaloriki

Kutentha, chizindikiro chake Q, ndi mphamvu imene ikuwoloka malire a chinthu chifukwa cha kusiyana kwa temperecha. Kumayenda kokha kuchoka ku chotentha kupita ku chozizira. Temperecha za zinthu ziwirizo zikafanana, kuwolokako kumatha, ndipo Q ya nthawi yotsatirayo ndi ziro, ngakhale zinthuzo zikhale zotentha bwanji. Kusiyana kwake ndi ntchito kuli pa dongosolo. Pisitoni imakankhira mamolekyulu mbali imodzi, pomwe pansi pa poto wotentha pamapatsira madzi mphamvu kudzera m'kuwombana kwachisawawa kwa mamolekyulu.

Maganizo akale sanali choncho, ndipo amene ankawakhulupirira sanali anthu opusa. Mu 1789 Antoine Lavoisier, katswiri wamkulu wa kemisitire ku France, anaika kaloriki pa mndandanda wake wa zinthu zoyambirira za chilengedwe, pamodzi ndi okosijeni ndi chitsulo. Kaloriki ankamuganizira ngati chinthu choyenderera, chosaoneka ndiponso chosalemera, chimene sichilengedwa kapena kuwonongedwa koma chimangosamuka. Chinthu chotentha chinali chodzaza kaloriki. Maganizowa ankagwira ntchito bwino kwambiri. Mukasakaniza lita ya madzi a madigiri 80 ndi lita ya madzi a madigiri 20 mumapeza madigiri 50, ndendende monga kaloriki akunenera. Ngakhale Sadi Carnot, amene mu 1824 anafotokoza malire a zimene injini ingathe kuchita, analemba pogwiritsa ntchito kaloriki.

Vuto linaonekera ku Munich, kumene Benjamin Thompson, wodziwika ndi dzina la Rumford, ankayang'anira ntchito yoboola mizinga ya nkhondo. Anaona kuti mzinga umatentha nthawi yonse imene ukubooledwa. Okhulupirira kaloriki ankati tizidutswa topalidwato tikamachoka timafinya kaloriki wathu n'kumutulutsa. Rumford anatenga choboolera chobuntha dala, chimene chinkapala zochepa kwambiri, anamiza chitsulocho m'bokosi la madzi, ndipo mahatchi anayamba kuzunguza makinawo. Patatha maola awiri ndi theka madzi anawira popanda moto. Mu 1798 anauza bungwe la Royal Society ku London kuti chinthu chimene chikutuluka mosalekeza, malinga mahatchi akuyenda, sichingakhale katundu wosungidwa m'chitsulo. Katundu wosungidwa amatha.

Panapita zaka zoposa 40 kuti wina ayeze nkhaniyi molondola. Julius Robert Mayer, dokotala wa ku Germany, anawerengera mu 1842 kuti ntchito yochuluka bwanji imafanana ndi kutentha kochuluka bwanji. Koma amene anakhutiritsa anthu ndi James Prescott Joule, mwana wa mwini fakitale ya mowa kufupi ndi Manchester. Anatenga chitini cha mkuwa chodzaza madzi, m'kati mwake anaikamo zopalasira zozungulira, ndipo anazimangirira ku zitsulo zolemera zolendewera pa zingwe. Zitsulo zikamatsika, zopalasira zimatakasa madzi. Kulemera kwa zitsulo ndi mtunda umene zatsika zinkamuuza ntchito imene yagwiridwa, ndipo choyezera chake chinkamuuza mmene temperecha yakwerera, ngakhale kukwerako kunali kosafika digiri imodzi. Zotsatira zimene anafalitsa mu 1850 zikusiyana ndi nambala ya lero ndi zosakwana gawo limodzi pa 100. Nambala ya leroyo ndi iyi: pafupifupi majulu 4,180 amakweza kilogalamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. (Ndi mphamvu yambiri kuposa mmene munthu angaganizire. Madzi ogwa mamita 100, monga a pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, angafunde ndi pafupifupi kota ya digiri chabe, ndipo pokhapokha mphamvu yonse ya kugwako itatsalira m'madzimo.)

Chachikulu pa zimene Joule anapeza si nambalayo. Madzi amene atakasidwa kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 21 safanana pang'ono chabe ndi madzi amene afunditsidwa pamoto kufika pa 21, ndi amodzimodzi. Palibe chipangizo chimene chingasiyanitse. Pa kilogalamu iliyonse, ena analandira majulu 4,180 a ntchito ndi kutentha ziro, ena analandira majulu 4,180 a kutentha ndi ntchito ziro. Ndiye funso lakuti "m'madziwa muli kutentha kochuluka bwanji?" liyankhidwa ndi nambala iti?

Taganizirani Nyanja ya Malawi. Madzi amalowamo ngati mvula yogwera panyanja penipenipo, komanso kudzera m'mitsinje monga Ruhuhu, Songwe ndi Bua. Amachokamo ngati nthunzi, komanso kudzera mu Shire. Akatswiri angathe kuyeza mvula imene yagwa chaka chino, madzi amene mitsinje yabweretsa, ndi mmene nyanja yakwerera. Koma mutatunga chidebe ku Nkhotakota n'kufunsa kuti m'menemo muli mvula yochuluka bwanji, funsolo silikhala ndi yankho. Mvula ndi dzina la madzi pamene akugwa. Akafika amangokhala nyanja, ndipo madzi olowa ngati mvula akhoza kutuluka kudzera mu Shire. Mvula ndi nthunzi zili ngati kutentha, mitsinje ili ngati ntchito, ndipo madzi a m'nyanjamo ndiwo mphamvu ya m'kati. Fanizoli lili ndi polekezera pake: madzi ndi chinthu chogwirika, pomwe mphamvu ndi nambala imene timawerengera, osati chamadzimadzi chothiridwa m'zinthu. Mukaiwala zimenezi mwabwezeretsa kaloriki ndi dzina lina.

Zonsezi zimalembedwa mu mzere umodzi, umene ndi lamulo loyamba la sayansi ya kutentha ndi mphamvu:

```
ΔU = Q − W
```

Q ndi kutentha kumene kwalowa m'chinthu, ndipo W ndi ntchito imene chinthucho chagwira pa zozungulira. Onani kuti chizindikiro Δ chili pa U pokha. Kulemba ΔQ kungatanthauze "kutentha komaliza kuchotsapo kutentha koyamba", ngati kuti chinthu chinali ndi Q poyamba. Aphunzitsi ambiri akaona ΔQ pa pepala la wophunzira amadziwiratu pamene pagona vuto.

Njira ziwiri zopita kumalo amodzi

Mbiri ingathe kutikopa, koma masamu ndiwo amatseka mkangano. Titenge mpweya wa aligoni mu silinda yokhala ndi pisitoni. Tasankha aligoni chifukwa U yake ndi yosavuta kuwerengera: imatengedwa ngati 1.5 × P × V. Puresha tiziyeza m'makilopasikali, chizindikiro chake kPa. Kilopasikali imodzi kuchulukitsa ndi lita imodzi kumapereka julu imodzi, choncho masamu ake ndi apamtima.

Poyambira, pamene tikupatcha A, mpweya uli pa 200 kPa, ukutenga malita 10, ndipo temperecha yake ndi madigiri 27. Tikufuna ufike pa B, pamene uli pa 100 kPa ndi malita 20. Pa A, P × V ndi 2,000, ndipo pa B ndi 2,000 yemweyo. Choncho U ndi majulu 3,000 konsekonse, temperecha ndi yofanana, ndipo ΔU ya ulendo wonse ndi ziro, kaya tidzere kuti.

Njira yoyamba tiyamba ndi kuutenthetsa, pisitoni ili yomasuka pansi pa katundu wosunga puresha pa 200 kPa. Mpweya ufutukuka kuchoka pa malita 10 kufika pa 20, ndipo ugwira ntchito ya 200 × 10, amene ndi majulu 2,000. Apa U yakwera kufika pa 6,000, ndipo mpweya uli pa madigiri 327. Kuti zimenezi zitheke talowetsa kutentha kwa majulu 5,000: majulu 3,000 akweza U, ndipo 2,000 atuluka ngati ntchito. Kenako timanga pisitoni kuti isasunthe, n'kuziziritsa mpweyawo mpaka puresha itsike kufika pa 100 kPa. Pisitoni yosasuntha siigwira ntchito, choncho majulu 3,000 atuluka onse ngati kutentha. Tafika pa B. Kutentha kolowa kuchotsapo kotuluka kwatsala majulu 2,000, ndipo ntchito ndi majulu 2,000.

Njira yachiwiri tisinthanitsa masitepe. Tiyamba ndi kumanga pisitoni n'kuziziritsa mpweya mpaka 100 kPa, akadali malita 10. U itsika kufika pa 1,500, ndipo majulu 1,500 atuluka ngati kutentha. Mpweya uli pa madigiri 123 pansi pa ziro. Kenako timasula pisitoni, katundu wake titamuchepetsa kuti puresha ikhale 100 kPa, n'kutenthetsa mpaka malita 20. Ntchito ndi 100 × 10, majulu 1,000 okha, chifukwa mpweya wakankha katundu wopepuka. U ikwera ndi 1,500, choncho kutentha kolowa ndi majulu 2,500. Tafikanso pa B. Koma ulendo uno kutentha kotsala ndi majulu 1,000, ndipo ntchito ndi 1,000.

```
Njira 1: Q = 2000 J, W = 2000 J, Q − W = 0
Njira 2: Q = 1000 J, W = 1000 J, Q − W = 0
```

Poyambira ndi pamodzi, pothera ndi pamodzi, mpweya ndi womwewo. Kukanakhala kuti kutentha ndi katundu wosungidwa, B akanakhala ndi kuchuluka kwake kodziwika, ndipo kusiyana kwa A ndi B kukanakhala nambala imodzi. Ife tapeza 2,000 ndi 1,000. Palinso njira yachitatu: kulumikiza silindayo ku chotengera chopanda kanthu cha malita 10, zonse zitakutidwa bwino, n'kutsegula valavu. Mpweya udzaza malita 20 popanda kukankha chilichonse, ndipo Q ndi W zonse ndi ziro. Chokhacho chimene chagwirizana pa njira zonse zitatu ndi Q − W.

Pitani patsogolo pang'ono. Chokani pa A kupita pa B kudzera njira yoyamba, mubwerere pa A potsata njira yachiwiri chobwerera. Popita kwatsala majulu 2,000 a kutentha kolowa, pobwerera kwatuluka 1,000. Mpweya wabwerera mmene unalili, puresha, malita ndi temperecha zonse zofanana ndi poyamba, komabe walandira majulu 1,000 a kutentha kuposa amene wataya. Bwerezani maulendo 1,000 ndipo mwalowetsa majulu miliyoni imodzi mu mpweya umene sunasinthe m'pang'ono pomwe. Majuluwo sanaunjikane paliponse. Anatuluka kudzera pa pisitoni ngati ntchito. Umu ndi mmene injini iliyonse yodalira moto imagwirira ntchito, ndipo apa ndi pamene kaloriki anagwera. Onaninso kuti pa ulendo uliwonse kutentha kwina kumayenera kutayidwa: talowetsa majulu 6,500 onse pamodzi, tataya 5,500, n'kupindula 1,000. Injini zenizeni zimachita bwino kuposa iyi, koma palibe yozungulira motere imene imapewa kutaya.

Ketulo ya magetsi: mayankho awiri, onse olondola

Popeza kutentha ndi ntchito ndi zowoloka malire, muyenera kunena kaye kuti malirewo mwawaika pati. Lita imodzi ya madzi imafuna pafupifupi makilojulu 335 kuti ichoke pa madigiri 20 kufika pa 100, ndipo ketulo ya mawati 2,000 imapereka mphamvuyi m'mphindi zosakwana zitatu, kupatula zotayika. Kodi mphamvuyi yalowa ngati kutentha kapena ngati ntchito?

Mukajambula malire mozungulira madzi okha, elementi ya ketulo ili kunja, ndipo ndi yotentha kuposa madzi. Mphamvu ikuwoloka chifukwa cha kusiyana kwa temperecha, choncho ndi Q. Mukajambula malire mozungulira ketulo yonse, chimene chikuwoloka ndi magetsi odzera pa waya wozizira, ndipo imeneyi ndi ntchito ya magetsi. Apa Q ndi yaing'ono, ndiponso ikutuluka, kupita ku mpweya wa m'khitchini. ΔU ya madzi ndi yomweyo pa mawerengedwe onse awiri. Ophunzira awiri akapeza mayankho otsutsana pa funso lotere, nthawi zambiri masamu a onse amakhala olondola, kungoti malire awo ndi osiyana.

Nanga bwanji chilankhulo cha tsiku ndi tsiku chimagwirabe ntchito?

Chifukwa chake n'chakuti pa zinthu zolimba ndi zamadzimadzi, njira ya ntchito imakhala ngati yotsekeka. Madzi akafunda safutukuka kwambiri, choncho P × ΔV ndi nambala yosanunkha kanthu, ndipo Q imafanana ndi ΔU pafupifupi ndendende. Khomo likakhala limodzi, kuwerenga zolowa ndi zotuluka pakhomopo kumakuuzani zimene zili m'kati. N'chifukwa chake kaloriki ankalosera bwino za kusakaniza madzi. Fulasiki nayo chimene imachita ndi kuchepetsa Q: pakati pa makoma ake awiri anachotsamo mpweya, ndipo makomawo ndi onyezimira kuti abweze cheza. Chimene chimatsala mu tiyi ndi U.

Mpweya ukangolowa m'nkhani, kusiyana kumaonekera. Kuwiritsa kilogalamu imodzi ya madzi a madigiri 100 mpaka onse asanduke nthunzi kumafuna makilojulu 2,257. Koma nthunziyo imatenga malo pafupifupi malita 1,670, ndipo pokankha mpweya wozungulira kuti ipeze malowo imagwira ntchito ya makilojulu pafupifupi 169. Choncho U imakwera ndi 2,088 okha. Pofuna kupewa kuchotsera kotereku nthawi zonse, akatswiri anapanga nambala ina yotchedwa entalipi:

```
H = U + P × V
```

Puresha ikakhala yosasintha, ndipo palibe ntchito ina kupatula kufutukuka, kusintha kwa H kumafanana ndi Q. H imadalira mmene chinthu chilili panopa, monga U, choncho ndi yololedwa kuitcha yosungidwa. Mabuku akale ankaitcha "kutentha kokhala m'chinthu", ndipo ofufuza za nyengo akamanena za kutentha kumene nyanja zasunga, chimene amawerengera kuchokera pa temperecha za madzi akuya mosiyanasiyana ndi mphamvu ya mtundu umenewu. Nambala zawo ndi zomveka. Dzina lokha ndi limene linatsalira kuchokera m'nthawi ya kaloriki.

Zimene sanagwirizanebe

Lamulo loyamba palibe amene amalitsutsa, koma kalembedwe kake kali pawiri. Mainjiniya ndi mabuku ambiri a fizikisi amalemba ΔU = Q − W, poti W ndi ntchito imene chinthu chagwira. Akatswiri a kemisitire amalemba ΔU = Q + W, poti W ndi ntchito yogwiridwa pa chinthucho. Onse amapeza yankho limodzi, koma wophunzira wowerenga mabuku awiri osaona kusiyanaku amasochera.

Mkangano wokulirapo uli pa kaphunzitsidwe. Ena amati liwu lakuti kutentha lisiyiretu kugwiritsidwa ntchito ngati dzina la chinthu, tizingonena za kutenthetsa, chifukwa dzina limakopa munthu kuganiza za katundu. Robert Romer analemba motero mu 2001 ali mkonzi wa magazini ya aphunzitsi a fizikisi ku America. Ena amayankha kuti ngakhale akatswiri amanena za "kuyenda kwa kutentha" tsiku lililonse osalakwitsa masamu, ndipo kuletsa liwu sikuchotsa ganizo. Gulu lina la aphunzitsi ku Karlsruhe, ku Germany, linapita kwina: likuti chimene anthu wamba amachimva ngati kutentha kosungidwa chimafanana kwambiri ndi entiropi, nambala ina yodalira mmene chinthu chilili, ndipo ana aziyambira pamenepo. Bungwe la akatswiri a fizikisi la m'dzikolo linatsutsa poyera kaphunzitsidwe kameneka, ndipo eni ake sanasinthe maganizo.

Ngakhale malire a pakati pa Q ndi W ali ndi malo osaoneka bwino. Bokosi likamakhwekhwerezedwa pansi, bokosi ndi simenti zonse zimafunda. Mabuku ena amati kukhulana "kwapanga kutentha", ena amati ndi ntchito imene yasanduka U, popeza panalibe kusiyana kwa temperecha poyamba. Kugawa majuluwo pakati pa bokosi ndi pansi n'kovuta, chifukwa zimachitikira pa timfundo ting'onoting'ono togundana timene tikupindika ndi kuthyoka. Constantin Carathéodory mu 1909 anayesa kupewa mavuto otere poyambira pa ntchito yokha: yezani ΔU ndi ntchito m'chotengera chokutidwa bwino, kenako Q ikhale chotsala, ΔU + W. Njirayi ndi yaukhondo pa masamu, koma ena amati imabisa funso, chifukwa kuti mudziwe kuti chotengera chakutidwa bwino muyenera kudziwa kale chimene mukuchitsekereza.

Ndipo chinthu chikachepa kufika pa molekyulu imodzi, monga pamene ofufuza amakoka molekyulu ya RNA, kaulusi kopezeka m'maselo a zamoyo, ndi cheza cha leza, ntchito yoyezedwa imasintha pa kukoka kulikonse ngakhale akoke mofanana, chifukwa madzi ozungulira akuiwomba mwachisawawa. Pamenepa pali masamu amene akugwira ntchito, monga amene Christopher Jarzynski anapeza mu 1997. Koma pa tinthu tating'ono kwambiri totsata malamulo a kwantamu, makamaka tikagwirana mwamphamvu ndi zotizungulira, akatswiri akukanganabe kuti ndi gawo liti la mphamvu yosamukayo limene liyenera kutchedwa ntchito ndi liti limene liyenera kutchedwa kutentha.